Kutaya kingi n'kusunga 9: mmene thirampu imasinthira mtengo wa makhadi ali m'manja

Amene angoyamba kumene kusewera makhadi amakhala ndi lamulo limodzi m'mutu, loti khadi yaikulu isungidwe ndipo yaing'ono itayidwe. Lamuloli ndi labwino pamene palibe thirampu. Koma mtundu umodzi ukangotchulidwa kuti ndiwo thirampu, khadi iliyonse ya mtunduwo, ngakhale yotsikitsitsa, imaposa esi ya mtundu wina uliwonse. Apa ukulu wa khadi sukwaniranso kukuuzani ngati idzadya. Muyenera kudziwanso ngati pa nthawi imene khadiyo idzagwe patebulo onse adzakhala akadali ndi mtundu wake, kapena wina adzakhala atautha kale n'kuidula.

Zonse zagona pa lamulo lotsatira mtundu. Woyamba akaponya sipedi, aliyense amene ali ndi sipedi ayenera kuponya sipedi, afune asafune. Yekhayo amene alibe sipedi ndiye ali ndi ufulu wosankha: angataye khadi ina yopanda ntchito, kapena angaponye thirampu n'kudya mulu wonse wa makhadi amene aponyedwa ulendo umenewo, kumene timati kudula. Choncho thirampu yaing'ono siingadule pokhapokha mwiniyo atakhala kuti alibe mtundu umene waponyedwa. Munthu angakhale ndi thirampu zitatu, koma ngati ali ndi khadi imodziimodzi ya mitundu ina yonse, adzakhala akutsatira mtundu milu ikudyedwa ndi ena, thirampu zake zili phee m'manja. Ichi ndicho chifukwa chake khadi yooneka yabwino nthawi zina imakhala mtolo. Imakutsekerani khomo lodulira.

Masewera amene amaonetsa zimenezi poyera kwambiri ndi Yuka, amene pa intaneti mudzawapeza atalembedwa kuti Euchre. Amaseweredwa kwambiri ku America ndi ku Canada, komanso m'madera ena a ku England, ku Australia ndi ku New Zealand. Ndawasankha chifukwa makhadi ake ndi ochepa moti munthu angathe kuwawerenga onse m'mutu, ndiponso chifukwa ali ndi mphindi imodzi imene wosewera amakakamizika kusankha khadi yotaya atadziwa kale thirampu.

Osewera amakhala anayi, awiriawiri, ndipo amzake amakhala moyang'anizana. Makhadi ndi 24 okha: 9, 10, jeki, kwini, kingi ndi esi a mtima, dayamondi, sipedi ndi fulawa. Aliyense amalandira asanu, anayi n'kutsala, ndipo ya pamwamba pa otsalawo imatembenuzidwa kuti onse aione. Ngati mtundu wa khadi imeneyo wavomerezedwa kukhala thirampu, wogawa amaitenga n'kutaya ina imodzi chafufumimba. Timu imene yasankha thirampu iyenera kudya milu itatu mwa isanu kuti ipeze pointi imodzi. Ikadya yonse isanu imapeza 2, ndipo ikalephera kufika itatu, adani ndiwo amapeza 2. Masewera amatha timu ikafika pa 10.

Pali chinthu chimodzi chachilendo chimene chimasokoneza ongoyamba. Mu mtundu wa thirampu, khadi yoposa zonse ndi jeki, ndipo yachiwiri ndi jeki wa mtundu wina wofanana nawo kaonekedwe. Thirampu ikakhala mtima, jeki wa mtima ndiye wamkulu, kenako jeki wa dayamondi, kenako esi, kingi, kwini, 10 ndi 9 a mtima. Jeki wa dayamondi uja amasiyiratu kukhala dayamondi. Wina akaponya dayamondi simukakamizika kumutulutsa, koma wina akaponya mtima ndiye mukakamizika. Choncho thirampu zimakhala 7, dayamondi amatsala ndi makhadi 5, ndipo sipedi ndi fulawa amakhala ndi 6 uliwonse. Manambala atatuwa muwasunge, tiwagwiritsa ntchito.

Makhadi asanu omwewo, mitengo inayi

Tiyerekeze kuti ndinu wogawa ndipo m'manja mwanu muli jeki wa dayamondi, kwini wa mtima, kingi wa sipedi, esi ya fulawa ndi 9 ya fulawa.

Thirampu ikakhala dayamondi, jeki wanu ndiye khadi yoposa zonse 24, palibe chomugonjetsa, koma ali yekhayekha ndipo adzakupatsani mulu umodzi basi. Ikakhala fulawa, jeki yemweyo wasanduka khadi yachabechabe, yoposedwa ndi kwini, kingi ndi esi a dayamondi, ndipo mutatola fulawa patebulo ndiye woyamba kutayidwa, pamene 9 ya fulawa yakwera n'kukhala yoposa esi ya sipedi. Ikakhala sipedi, kingi wanu walowa m'gulu la thirampu koma ndi wachinayi, pansi pa majeki awiri akuda ndi esi, ndipo esi yanu ya fulawa yafookako chifukwa fulawa watsala ndi makhadi 5. Ikakhala mtima, jeki ndi kwini onse ndi thirampu, ndipo mwadzidzidzi mulibenso dayamondi ngakhale imodzi, ngakhale kuti maso akuona chizindikiro cha dayamondi pa jekiyo.

Tsopano khadi yotembenuzidwa ndi 10 ya mtima. Atatu onse akana kuivomereza, ndipo inu mwaitola. Muli ndi makhadi 6: thirampu zitatu, zomwe ndi jeki wa dayamondi, kwini ndi 10 a mtima, kenako kingi wa sipedi, esi ndi 9 ya fulawa. Imodzi ichoke.

Dzanja limathamangira pa 9 ya fulawa, chifukwa ndiyo yotsikitsitsa. Ine ndimataya kingi, ndipo sindizengereza.

Tiyeni timuyese kingi ameneyu. Makhadi amene simukuwaona ndi 18: khumi ali kwa adani awiri, asanu ali kwa mnzanu, ndipo atatu agona pansi osalowa m'masewera. Esi ya sipedi ili penapake mwa 18 amenewa. Mwayi woti ili kwa adani ndi 10 pa 18, kupitirira theka, ndipo zikatero kingi wanu amangoperekedwa ngati chakudya chake, chifukwa mulibe sipedi ina yaing'ono yoponya m'malo mwake. Mwayi woti ili kwa mnzanu ndi 5 pa 18, ndipo iye akaiponya kingi wanu amagwera pansi pake popanda kuwonjezera kanthu. Esi imakhala itagona pansi kamodzi kokha pa kasanu n'kamodzi, ndipo ngakhale apo kingi adzadya pokhapokha ngati palibe mdani womudula. Kingi wokhala yekha ndi khadi yofooka chotero.

Onani tsono zimene mumapeza mukamutaya. Mulibe sipedi, mulibe dayamondi. Mwa mitundu itatu imene si thirampu, iwiri mungaidule ndipo wachitatu muli ndi esi yake. Kuwonjezera apo, woyamba kuponya ndi wakumanzere kwa wogawa, kutanthauza kuti pa mulu woyamba inu ndinu womaliza. Mumaona makhadi atatu onse musanasankhe yanu, ndipo palibe wina wobwera pambuyo panu kudzadula ndi thirampu yoposa yanu. 10 ya mtima, yomwe pa mpikisano wa thirampu zokhazokha ikanaphedwa ndi makhadi asanu, yasanduka khadi yodya mulu wathunthu. Mtengo umenewu waupeza chifukwa kingi wachoka.

Nanga 9 ya fulawa ili ndi phindu lanji? Payokha ndi lochepa. Koma siiwononga kanthu, chifukwa fulawa muli naye kale kudzera mu esi, ndipo kuisunga sikukutsekerani khomo lililonse. Nthawi zina imadyanso mulu womaliza, esi ikasesa fulawa za ena onse thirampu zitatha.

Mmene zimayendera patebulo

Tiike makhadi onse poyera kuti tione kusiyana kwake. Wakumanzere ali ndi esi ya sipedi, kingi ndi 9 a mtima, kingi wa fulawa ndi kwini wa dayamondi. Mnzanu sanapate kanthu: 9, 10 ndi jeki a sipedi, 10 ya dayamondi ndi 10 ya fulawa. Wakumanja ali ndi jeki wa mtima, kwini wa sipedi, esi ndi kingi a dayamondi, ndi kwini wa fulawa. Ogona pansi ndi esi ya mtima, 9 ya dayamondi ndi jeki wa fulawa.

Mwataya kingi. Wakumanzere ayamba ndi esi ya sipedi, monga mmene wosewera aliyense wodziwa angachitire. Mnzanu aponya 9, wakumanja kwini, ndipo inu mudula ndi 10 ya mtima. Mulu woyamba ndi wanu. Kenako muponya jeki wa dayamondi kuti mukoke thirampu za adani. Wakumanzere atulutsa 9 ya mtima, mnzanu alibe thirampu ndiye ataya 10 ya sipedi, ndipo wakumanja adya ndi jeki wa mtima. Iye abwera ndi esi ya dayamondi, inu mudula ndi kwini. Wakumanzere ali ndi kingi wa mtima amene akanaposa kwini wanu, koma akadali ndi dayamondi imodzi, ndiye lamulo limukakamiza kutsatira. Milu iwiri. Muponya esi ya fulawa, onse atatu atsatira, ndipo mwakwanitsa itatu. Mulu womaliza wakumanzere audya ndi kingi wa mtima, koma pointi mwatenga kale.

Chosangalatsa n'chakuti mutadya mulu woyamba uja, njira zonse zanzeru zimakufikitsani pa itatu. Kaya muyambe ndi jeki, kaya ndi kwini, kaya ndi esi ya fulawa, mufika ndithu.

Tibwerere m'mbuyo, mutaye 9 ya fulawa n'kusunga kingi. Esi ya sipedi igwa, ndipo kingi wanu apita nayo. Wakumanzere akadali woyamba, aponya kwini wa dayamondi, wakumanja aika esi, inu mudula ndi 10. Mwadya umodzi, adani umodzi. Mwatsala ndi jeki, kwini ndi esi ya fulawa. Muponya jeki monga poyamba paja, ndipo wakumanja amudya ndi jeki wa mtima n'kubwera ndi kingi wa dayamondi. Mudula ndi kwini, koma ulendo uno wakumanzere dayamondi yake inapita kale, ndiye aika kingi wa mtima pamwamba pa kwini wanu. Adani afika itatu, ndipo m'malo mopeza pointi imodzi mwawapatsa 2.

Njira yopulumukira inalipo, koma imodzi yokha: kuponya esi ya fulawa kaye, kenako kwini, n'kusunga jeki wa pa mulu womaliza. Munthu woona makhadi onse angaipeze mosavuta. Patebulo simuwaona, ndipo kusankha bwino khadi yotaya kumakupulumutsani ku kulotera kotere. Onaninso kuti kingi sanangoluza mulu wake wokha. Anasiya mpata woyamba m'manja mwa adani, iwo n'kuponya dayamondi kawiri, ndipo kachiwiriko ndi kamene kanapha kwini wanu. Mtundu ukaponyedwa kachiwiri m'masewera a makhadi ochepa chotere, kawirikawiri wina amakhala atautha.

Esi nazonso sizofanana

Esi ya mtundu umene si thirampu ndi yofunika kuisunga pafupifupi nthawi zonse, koma mphamvu yake imadalira kuchuluka kwa makhadi a mtundu wake amene ali kunja. Akakhala ambiri, adani onse awiri amakhala ndi chotsatira. Akachepa, mmodzi amakhala alibe.

Izi zimawerengeka. Tili pampando womwewo wa wogawa, makhadi 18 osaoneka. Ngati esi yanu ili yokha mu mtundu wa makhadi 6, asanu ali kunja, ndipo mwayi woti mdani mmodzi kapena onse alibe mtunduwo ndi pafupifupi 29 pa 100. Akakhala anayi kunja, mwayiwo umakwera kufika pa 44 pa 100. Akakhala atatu, 63 pa 100. Sikuti nthawi zonsezi esi idzadulidwa, chifukwa wopanda mtunduyo ayeneranso kukhala ndi thirampu, koma kakweredwe ka manambalawa kakuonetsa kumene ngozi ili.

Pali zinthu ziwiri zotuluka apa zimene ongoyamba saziyembekeza. Choyamba, esi ya mtundu wofanana kaonekedwe ndi thirampu ndi yofooka kuposa zinazo, chifukwa mtundu wake unalandidwa jeki. Thirampu ikakhala mtima, esi ya dayamondi yokhala yokha ili ndi anayi kunja, pamene esi ya sipedi yokhala yokha ili ndi asanu. Chachiwiri, khadi iliyonse ya mtundu womwewo imene ili m'manja mwanu imafooketsa esi yanu. Esi, kingi ndi kwini a sipedi amaoneka okongola m'manja, ndipo kukanakhala kopanda thirampu akanadya milu itatu motsatizana. Thirampu ilipo, kunja kwangotsala sipedi zitatu, esi yomwe ili pangozi, ndipo kingi ndi kwini adzadya pokhapokha thirampu za adani zitatha.

Dziwaninso kuti khadi imene mwataya siibwerera kwa adani. Mukataya 9 ya fulawa, fulawa za kunja zimakhalabe zinayi. Kuitaya sikulimbitsa esi yanu ngakhale pang'ono, ndipo ichi ndi chifukwa china chosaitayira.

Pamene kutha mtundu sikuthandiza

Sindikufuna kuti wina achoke pano ndi lamulo latsopano loti nthawi zonse thetsani mtundu, n'kulitsata mwakhungu ngati lija la khadi yaikulu. Kusowa mtundu ndi khomo chabe, ndipo phindu lake limadalira chimene mulowe nacho.

Ngati mulibe thirampu, kusowa mtundu kulibe phindu lililonse kupatula mpata wotaya khadi yopanda ntchito. Ngati thirampu yanu yokha ndi jeki wamkulu, kudula naye sikuwonjezera mulu, chifukwa iye akanadya nthawi iliyonse imene mukanamuponya. Choipa china n'chakuti akadula samakoka thirampu ya mdani aliyense. Opindula kwenikweni ndi kudula ndi 9, 10 ndi kwini, thirampu zimene paokha sizikanadya.

Ndipo esi yokhala yokha isatayidwe pofuna kutha mtundu. Mukakhala ndi thirampu zitatu, esi ya sipedi, 9 ndi 10 ya fulawa, khadi yokha imene ingathetse mtundu ndi esiyo. Koma mukaitaya, mulu wa sipedi umene esi ikanadya yokha mudzaudya ndi thirampu, ndipo mudzatsala ndi fulawa ziwiri zoluza m'malo mwa imodzi. Apa tayani 9 ya fulawa. Kusiyana kwa esi ndi kingi pa nkhani imeneyi ndi kwakukulu kuposa mmene kuyandikana kwawo kumaonetsera: esi imangoopa thirampu, pamene kingi wokhala yekha amaopa thirampu ndi esi yomwe.

Kingi akakhala ndi mnzake wamng'ono zinthu zimasinthako. Kingi ndi 9 a sipedi ali pamodzi, esi ikabwera mumaponya 9, kingi n'kutsala wamkulu wa mtunduwo. Vuto ndi lija taliona kale, loti ulendo wachiwiri wa mtundu umodzi sukhala wotetezeka. Choncho kingi wotere ndi wodikira kumapeto, thirampu zitakokedwa.

Kutetezana kotereku n'kofunika kwambiri mkati mwa thirampu momwemo. Tiyerekeze kuti adani ndiwo asankha mtima, ndipo inu muli ndi jeki wa dayamondi yekha. Iwo akaponya jeki wa mtima, wanu atuluka mokakamizidwa n'kufa osadya kanthu. Koma mukakhala naye pamodzi ndi 9 ya mtima, mumaponya 9, ndipo jeki wanu amatsala khadi yoposa zonse zotsala. Pamenepa 9 ija ndi yamtengo wa mulu wathunthu ngakhale siidya chilichonse. Wosewera amene athamangira kudula nayo pa mulu woyamba amasiya jeki wake pambalambanda, ndipo ayenera kufunsa kaye ngati mulu umenewo mnzake sakanaudya.

Nkhani ya amene wasankha thirampu ndi yofunikanso. Inu muli wogawa, mnzanu akavomereza khadi yotembenuzidwa ija n'kukulamulani kuitola, ndiye kuti thirampu zazikulu zili kwa iye, ndipo ntchito ya kathirampu kanu ndi kudula msanga asanayambe kukoka. Apa kutha mtundu ndiko chinthu choyamba. Adani akakulamulani, yembekezani kuti akoka thirampu akangopeza mpata, ndipo kathirampu kanu kangapite kasanadule kalikonse. Esi ndi makingi otetezedwa amakwera mtengo pamenepo, chifukwa ndiwo adzagwire milu ya kumapeto.

Mukakhala ndi makhadi awiri okhala okha ofanana ukulu, monga 10 ya dayamondi ndi 10 ya sipedi, thirampu ili mtima, ine ndimataya ya sipedi. Mtundu wa makhadi 6 umaponyedwa kawirikawiri kuposa wa 5, ndipo mukaudula pamakhala mwayi wochuluka woti adani akutsatira mtundu m'malo modula pamwamba panu. Kusiyana kwake ndi kwakung'ono, ndipo alipo osewera abwino amene amasankha mosiyana.

Makhadi akakhala 52

M'masewera a makhadi onse 52, monga wisiti ndi briji, aliyense amalandira 13 ndipo thirampu zimakhala 13. Mfundo ndi yomweyo, koma nthawi imatalika. Mtundu uliwonse umatha kuzungulira kawiri anthu onse akutsatira, choncho esi imadya pafupifupi nthawi zonse, kingi amadya kawirikawiri, ndipo ngozi imayambira pa ulendo wachitatu, umene ndi wa kwini. Inu ndi mnzanu mukakhala ndi makhadi 8 a mtundu umodzi, asanu otsalawo amagawikana atatu ndi awiri pafupifupi 68 pa 100. Kumeneku ndiko kugawikana kwabwino koposa, komabe ngakhale apo ulendo wachitatu umapeza mdani mmodzi alibe.

Osewera briji anaika zimenezi m'manambala. Poyesa mphamvu ya makhadi awo amapatsa esi 4, kingi 3, kwini 2 ndi jeki 1. Koma pamene akuganiza zosewera ndi thirampu, njira imene katswiri wa briji Charles Goren anaitchukitsa imawonjezera 3 pa mtundu umene mulibe, 2 pa mtundu umene muli ndi khadi imodzi, ndi 1 pa umene muli ndi awiri. Kusowa mtundu kumawerengedwa mofanana ndi kukhala ndi kingi. Posewera popanda thirampu mapointi owonjezerawa sawerengedwa n'komwe, chifukwa mtundu umene mulibe umakhala mpata wa adani wodyera milu motsatizana inu mulibe chowaimitsira.

Pali chenjezo limodzi limene limaoneka bwino m'masewera aataliwa. Kudula kumapindulitsa kukachitika m'manja mwa amene ali ndi thirampu zochepa. Ngati inu muli ndi zisanu ndipo mnzanu ali ndi zitatu, zisanu zanuzo zidzadya mulimonse adani zikawathera, ndiye kudula nazo sikuwonjezera mulu. Kumangokufupikitsani, ndipo adani ochenjera amakukakamizani dala kudula mobwerezabwereza mpaka mmodzi wa iwo atakhala ndi thirampu zambiri kuposa inu. Koma mnzanu akadula ndi imodzi mwa zitatu zake zisanakokedwe, umenewo ndi mulu watsopano, chifukwa thirampu imeneyo ikanangogwera pansi pa zanu.

Thirampu zikatha

Mtengo wa khadi umasinthanso masewera ali mkati, ndipo chosinthitsa ndi chiwerengero cha thirampu zotsala. Yomaliza ikangogwa, masewera amabwerera ku lamulo lakale: khadi yaikulu ya mtundu woponyedwa ndiyo imadya, ndipo mtundu wautali, umene poyamba unali mtolo, umadya milu motsatizana. Ndiye chifukwa chake amene ali ndi thirampu zazikulu pamodzi ndi esi amakoka thirampu kaye. Amakhala akukonzera esi yake njira. Amene ali ndi thirampu zazing'ono ndi mitundu yosowa amachita zosiyana, amafuna kudula zisanakokedwe.

Mu Yuka kuwerenga kwake n'kosavuta: thirampu ndi 7, chotsani zanu, chotsani zimene zagwa. Kumbukirani kuti makhadi atatu agona pansi. Pamene muli ndi thirampu zitatu ndipo zinayi simukuziona, mwayi woti imodzi kapena zingapo zili mwa ogonawo ndi pafupifupi 55 pa 100, monga mmene esi ya mtima inaliri m'chitsanzo chathu. Choncho thirampu imene sinaoneke siikhala m'manja mwa munthu nthawi zonse. Umboni wodalirika ndi zimene anthu achita. Amene walephera kutsatira thirampu itaponyedwa alibenso ina, palibe chokayikitsa. Mdani amene anali womaliza kuponya, analibe mtundu, mulu unali kupita kwa inu, koma sanadule, mosakayika kwenikweni alibe thirampu.

Kuwerenga kumeneku kumagwira ntchito kwambiri pa mulu wachinayi, pamene mwatsala ndi makhadi awiri ndipo muyenera kutaya imodzi. Tinene kuti timu ya mdani amene anasankha thirampu yadya milu itatu, iye waponya thirampu yake yomaliza, ndipo akadya mulu wachisanu apeza 2 m'malo mwa 1. Inu muli ndi esi ya dayamondi ndi kwini wa fulawa. Maso akuti sungani esi. Koma kumbukirani mulu woyamba: dayamondi inaponyedwa, iye anadula. Alibe dayamondi, choncho khadi yake yomaliza siingakhale dayamondi, ndipo esi yanu siidzapeza mpata wodya ngakhale ili yaikulu chotani. Ngati sipedi anaidulanso, yotsalayo ndi fulawa basi. Tayani esi, sungani kwini. Esi ndi kingi a fulawa akakhala kuti anagona pansi ndipo iye watsala ndi 10 kapena jeki, kwini wanu adya mulu wachisanu, ndipo adani apita ndi pointi imodzi yokha.